PHUNZIRO LA SABATA INO: "TIKUMANA KU CHAMBE MAWA" SIKUTSIMIKIZA MSONKHANO

M'Malimana ndi m'mabungwe a pa parishi misonkhano yambiri imapanganidwa Lamulungu pakhomo la tchalitchi, Misa itangotha, ana akukoka chitenje cha amayi awo ndipo ena ali kale pa ulendo wa kunyumba. Aliyense amachoka ali ndi chikhulupiriro choti wamva. Tsiku likafika zimadziwika kuti anthu khumi anamva zinthu khumi. Phunziro la lero likunena za ntchito imene mlembi wa gulu amagwira kutatsala tsiku limodzi: kubwereza nthawi, malo, anthu obwera ndi zoti atenge, kenaka kulandira yankho kwa aliyense. Chitsanzo chake ndi ulendo wa ku Chambe pa phiri la Mulanje, chifukwa kumeneko kulakwitsa chimodzi mwa zinayi kumachititsa kuti mdima upeze anthu ali pakati pa thanthwe.

Tiyerekeze kuti achinyamata 14 a parishi ina ya ku Limbe apangana zokagona usiku umodzi pa nyumba ya alendo ya ku Chambe pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti. Akwera Lachisanu ndi kutsika Loweruka kuti Lamulungu adzakhale pa Misa. Anapangana masabata atatu apitawo. Lachinayi madzulo mlembi akulemba pa gulu lawo la WhatsApp kuti: "Mawa ndi mawa lija, ku Chambe monga tinapanganira. Osachedwa." Anthu asanu ndi awiri akuyikapo chithunzi cha chala chachikulu, ndipo mlembi akukagona mtima uli m'malo.

Uthenga umenewu ndi chikumbutso chabe. Mawu oti "monga tinapanganira" akutumiza munthu aliyense ku zimene iye mwini akukumbukira, pamene vuto lagona pomwepo. Amene anamva 7 koloko adzabwera 7 koloko, amene anamva zokumana ku depoti adzapita ku depoti. Uthenga wotsimikiza uyenera kukhala wokwanira pawokha, woti ngakhale kholo limene silinali pa msonkhano woyamba liwuwerenge ndi kudziwa kumene mwana wake akupita, nthawi yake ndi anthu amene akupita nawo.

NTHAWI: AMAYAMBA KUWERENGA KUCHOKERA KUMAPETO

Mlembi wodziwa ntchito sayamba ndi funso loti tinyamuke nthawi yanji. Amayamba ndi chinthu chimene sichingasunthe, ndipo pa ulendo uwu chinthucho ndi kulowa kwa dzuwa. Ku Mulanje m'mwezi wa Ogasiti dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, ndipo mdima suchedwa kutsatira. Gulu liyenera kufika pa nyumba ya ku Chambe cha m'ma 3 koloko kuti patsale maola awiri a mtima pansi, ngati wina wabinya phazi kapena watopa m'njira.

Kuchokera ku Likhubula, kumene njira zokwerera zimayambira, munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000 kuti afike m'chigwa cha pamwamba cha Chambe. Ozolowera amayenda maola atatu kapena anayi. Gulu la anthu a m'tauni, lonyamula mabulangete ndi mapoto, limayenda pa liwiro la munthu wochedwa kuposa onse, choncho mlembi akuwerengera maola asanu. Zikatero kukwera kuyenera kuyamba 10 koloko. Ku Likhubula kuli ofesi ya za nkhalango kumene alendo amalipira, ndipo kumeneko gulu likakumana ndi wolondolera njira ndi onyamula katundu. Kulipira, kugawana katundu ndi kudzaza madzi kumadya ola lathunthu, ndiye kuti minibasi ifike 9 koloko. Kuchokera ku Limbe kudzera msewu wa Midima mpaka pa Chitakale, kenaka makilomita ngati 10 pa msewu wopita ku Phalombe, mlembi akupatula maola awiri. Motero minibasi inyamuke 7 koloko, anthu asonkhane 6:30.

Mu uthenga mlembi alembe nthawi ziwiri zonsezo, yosonkhana ndi yonyamuka. Akalemba imodzi yokha, ena amayitenga ngati nthawi yochokera kunyumba. Alembenso tsiku ndi deti lake, chifukwa mawu oti "mawa" amasintha tanthauzo kwa munthu amene magetsi anamuzimira ndipo watsegula foni Lachisanu m'mawa. Ndipo anene chifukwa chake mwachidule. Munthu akauzidwa kuti "osachedwa" amadziwa kuti onse amatero. Akauzidwa kuti ikakwana 11:30 gulu lisanayambe kukwera ndiye kuti ulendo wa pamwamba walephereka kwa onse, amaona kuti kuchedwa kwake kuli ndi mtengo.

MALO: DZINA LIMODZI, MALO ANGAPO

Chambe ndi dzina la nsonga ya phiri ija ya thanthwe lalitali imene imaoneka munthu ali pa msewu wa ku Phalombe. Ndi dzinanso la chigwa cha pamwamba ndi nyumba ya alendo imene ili m'chigwacho. Kumunsi kwa phiri kulinso dera la Chambe kumene anthu amakhala, kuli chipatala chaching'ono ndi sukulu zodziwika ndi dzina lomwelo. Munthu amene waphonya minibasi ya gulu akakwera ina n'kuuza kondakitala kuti "munditsitse pa Chambe", akhoza kutsikadi pa Chambe, anzake akumudikira ku Likhubula.

Likhubula nayenso ndi dzina la mtsinje, la malo a pamsewu pamene amagulitsa zinthu, ndiponso la ofesi ya za nkhalango imene ili kumtunda, kamtunda ndithu kuchokera pa msewu waukulu. Ndiye malo okumanira ayenera kutchulidwa ndi chinthu choti munthu akhoza kuchigwira ndi dzanja: geti, khomo la ofesi, mtengo wodziwika. "Ku tchalitchi" sikukwanira ngati tchalitchicho chili ndi mageti awiri ndi holo kuseri.

Pa ulendo uwu malo okumanira alipo awiri, ndipo anthu ake ndi osiyana. Gulu ndi dalaivala akumana pa geti lalikulu la tchalitchi ku Limbe. Gulu ndi wolondolera njira akumana pa ofesi ya za nkhalango ku Likhubula. Njira yokwerera nayonso ndi mbali ya malo. Kuchokera ku Likhubula njira zodziwika zopita ku Chambe ndi ziwiri: ya Skyline, imene ndi yachidule koma yotsetsereka kwambiri, ndi ya Chapaluka, yotalikirapo, imene imadutsa kufupi ndi Dziwe la Nkhalamba ndi kuwoloka mtsinje. Namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023 anagumula miyala ndi dothi m'malo ambiri a phiri la Mulanje, choncho zimene munthu anaona zaka zapitazo sizingadaliridwe. Wouza gulu njira yoti lidutse ndi wolondolera amene amakwera phirilo masiku ano, ndipo mlembi amufunse Lachinayi lomwelo. Safunsa anadya phula.

ANTHU: MAYINA, OSANGOTI NAMBALA

"Tilipo 14" ndi nambala ya masabata atatu apitawo. Lachinayi mlembi akufuna mndandanda wa mayina, ndipo dzina lililonse likhale ndi yankho lake. M'chitsanzo chathu zikuyenda motere. Anthu 11 ayankha kuti akubwera. Mmodzi wati sabwera chifukwa kwawo kwagwa maliro. Mmodzi wati abwera ndi msuweni wake amene ali pa tchuthi kwawo. Mmodzi sanayankhe konse.

Wa msuweniyo mlembi sangamuyankhe yekha. Munthu wowonjezera amafuna mpando mu minibasi, malo ogona, chakudya ndi ndalama yolipira ku ofesi, ndipo ngati ndi mwana pamafunika chilolezo cha makolo ake. Mlembi apereke nkhaniyo kwa wapampando ndi msungichuma, yankho libwere dzuwa lisanalowe. Pano malo alipo chifukwa wa maliro uja wasiya mpando, ndipo msuweniyo ndi wamkulu wodzilipirira, choncho avomera. Wosayankha uja mlembi amuimbire foni. Foni ikapanda kupezeka, aimbire kholo lake kapena mnzake woyandikana naye nyumba. Atamupeza, zadziwika kuti analibe bandulo kuyambira Lachiwiri ndipo ankaganiza kuti ulendo ndi wa Loweruka. Munthu ameneyu akanatsala, ndipo m'chikwama chake ndi mmene munayenera kukhala mankhwala a gulu lonse.

Mndandanda wa mayina uli ndi ntchito zitatu. Pa geti umathandiza kudziwa amene akudikiridwa, kuti gulu lisataye theka la ola chifukwa cha munthu amene sakubwera. Pa phiri ndi umene amawerengera anthu pa malo opumira aliwonse, makamaka chifunga chikatsika. Ndipo kope limodzi limatsala ku parishi kwa munthu wamkulu amene sakupita, pamodzi ndi manambala a makolo ndi nthawi yobwerera, chifukwa pamwamba pa phiri netiweki imapezeka malo ena okha. Pa mndandanda womwewo mlembi alembe mwachinsinsi amene ali ndi mphumu, shuga kapena matenda a kugwa, wamkulu woperekeza gulu adziwe. Zimenezi sazilemba pa gulu la WhatsApp.

ZOTENGA: CHILICHONSE CHIKHALE NDI MWINI WAKE

Nyumba ya ku Chambe ili ndi mlonda woyang'anira ndi malo osonkhera moto, koma kulibe golosale. Chimene chaiwalika ku Limbe chaiwalika mpaka Loweruka. Usiku wa Ogasiti pamwamba pamazizira kuposa mmene anthu a m'tauni amayembekezera, ndipo ino ndi nyengo ya chiperoni, mphepo yozizira ya chifunga ndi mvula yowaza imene imachokera ku Mozambique. Munthu amene wakwera ndi malaya amodzi chifukwa ku Limbe kunali dzuwa amagona akunjenjemera.

Zotenga zili m'magulu awiri, ndipo mlembi asazisakanize. Gulu loyamba ndi za munthu aliyense payekha: bulangete, juzi kapena jekete, chodzitetezera ku mvula, nsapato zotseka zogwira pansi, tochi, botolo la madzi, mbale, kapu, chakudya cha m'njira ndi mankhwala ake ngati amamwa. Gulu lachiwiri ndi za onse: mapoto, mthiko, ufa, ndiwo, mchere, shuga, masamba a tiyi, machesi, mankhwala a mabala ndi ndalama ya gulu. Za gulu lachiwiri ndi zimene zimaiwalika, chifukwa mawu oti "wina abweretse machesi" aliyense amawamva ngati akunena mnzake. Chinthu chilichonse chilembedwe pambali pa dzina la munthu mmodzi ndi muyeso wake.

Muyeso umachokera pa mndandanda wa anthu, n'chifukwa chake anthu amatsimikizidwa kaye zotenga zisanatsekedwe. Gulu latsala la anthu 14, kuphatikizapo msuweni uja. Mlembi atafunsa wolondolera njira, agwirizana kuti iye ndi onyamula katundu awiri adzadya ndi gulu, ndiye pakamwa pakwana 17. Ngati nsima ikhala ya Lachisanu usiku ndi Loweruka masana, munthu aliyense n'kumuwerengera kota ya kilogalamu pa chakudya chimodzi, ufa ukufunika makilogalamu 8 ndi theka, ndipo msungichuma agule 10. Akanangolemba kuti "ufa", wotumidwayo akanabwera ndi kathumba ka makilogalamu 2. Ndalama yolipira ku ofesi ndi ya wolondolera ikhale ya m'manja, yowerengedwa kale, itapatulidwa m'maenvelopu, ndipo mitengo yake mlembi aifunse mwatsopano tsiku lomwelo chifukwa imasintha.

UTHENGA WAKE

Zonsezi zikasonkhanitsidwa, uthenga wa mlembi ukhala motere:

"Abale ndi alongo, uku ndi kutsimikiza ulendo wa ku Chambe. Tsiku: Lachisanu pa 8 Ogasiti. Kusonkhana 6:30 m'mawa pa geti lalikulu la tchalitchi, la mbali ya ku msewu. Minibasi inyamuka 7:00, sidzadikira. Tikafika pa ofesi ya za nkhalango ku Likhubula 9:00, kuyamba kukwera 10:00. Ikakwana 11:30 tisanayambe, sitikwera. Tigona pa nyumba ya alendo ya pamwamba, kubwerera ku tchalitchi Loweruka cha m'ma 5 koloko madzulo. Opita ndi awa (mayina onse, ndi wamkulu wotiperekeza). Aliyense atenge izi (mndandanda). Za gulu: wakuti mapoto awiri ndi mthiko, wakuti ufa makilogalamu 10, wakuti mankhwala a mabala, wakuti machesi ndi mchere. Yankhani 4 koloko isanakwane polemba dzina lanu, nthawi imene mufike pa geti, ndi chimene mwatumidwa."

Chiganizo chomalizacho ndicho chimasiyanitsa kutsimikiza ndi kulengeza. Tizizindikiro tiwiri tabuluu timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa. Chala chachikulu chimasonyeza ulemu. Koma munthu akalemba kuti "ndifika 6:30 ndi mapoto awiri", mlembi waona ndi maso zimene zili m'mutu mwake, ndipo ngati walemba 7:30 cholakwikacho chagwidwa nthawi ikadalipo.

Dalaivala ndi wolondolera njira sali pa gulu la WhatsApp, ndipo popanda iwo ulendo palibe. Awa mlembi awaimbire. Kwa dalaivala afunse mafunso oti yankho lake lisakhale "eya" chabe: "Bambo, mawa mutipeza pati, nthawi yanji? Mafuta mwathira kale kapena mukathira m'mawa? Loweruka mudzatitenga pati?" Ndi wolondolera njira kukambirana kukhoza kuyenda chonchi:

"Achimwene, ndikutsimikiza za mawa Lachisanu. Tifika 9 koloko pa ofesi ya za nkhalango, anthu 14. Mwalemba kuti onyamula katundu ndi angati?"

"Ndinamva atatu, achemwali."

"Pepani, tinachepetsa, ndi awiri. Chonde muwadziwitse wachitatuyo lero, asadzataye tsiku lake. Nanga kumwambako kwacha bwanji?"

"Chifunga chinalipo m'mawa koma chayera. Mukafika ndidzakuuzani njira yabwino."

Kukambirana kwa mphindi ziwiriku kwapulumutsa munthu amene akanasiya ntchito zake n'kudzakhala pa ofesi tsiku lonse osapeza kanthu. Wolondolera ndi onyamula katundu amadya za tsikulo, ndipo gulu likasintha nambala kapena likalephera kubwera osanena, owonongekedwa oyamba ndi iwo.

NTHAWI YOTUMIZA NDI MALIRE AKE

Kutsimikiza kumachitika kutatsala tsiku limodzi chifukwa zinthu zambiri zosintha zimakhala zitadziwika kale, maliro, matenda, galimoto yowonongeka, koma nthawi yokonza ikadalipo. Kukachitika sabata yathunthu isanakwane, zinthu zimasinthanso. Kukachitika 9 koloko usiku, wopanda bulangete alibe kobwereka ndipo chigayo chatseka. Choncho mlembi ayambe ndi dalaivala ndi wolondolera m'mawa, atumize uthenga wa gulu masana asanakwane, alandire mayankho mpaka 4 koloko, aimbire osayankha mpaka 6 koloko, ndipo 7 koloko atumize mndandanda womaliza.

China chikasintha uthenga utapita kale, wolengeza akhale mlembi yekha. Alembenso uthenga wonse kuyambira pamwamba, atayamba ndi mawu oti ZASINTHA, ndi kunena chimene chasinthacho. Kukonza kwa mzere umodzi kumamira pakati pa nthabwala ndi zithunzi za pa gulu, ndipo ena amatsatira uthenga wakale.

Ntchito imeneyi ilinso ndi malire. Singakonze zimene sizinakonzedwe. Malo ogona pa nyumba ya ku Chambe, chilolezo cha makolo ndi ndalama ya minibasi ndi nkhani za masabata apitawo. Mlembi akaona kuti Lachinayi akuuza anthu chinthu chachikulu kwa nthawi yoyamba, adziwe kuti sakutsimikiza, akupangana kumene, ndipo wapampando aganize ngati si bwino kusuntha tsiku. Kutsimikiza sikulamuliranso nyengo. Wolondolera akanena Lachisanu m'mawa kuti chiperoni chatseka phiri, mawu ake ndi omaliza ngakhale mapoto ndi ufa zili m'galimoto. N'chifukwa chake uthenga wabwino umanenanso amene adzagamule zimenezo ndi chimene gulu lidzachite m'malo mwake, monga kukathera tsiku ku Dziwe la Nkhalamba ndi kubwerera madzulo.

Msonkhano wa Limana pakhomo pa banja lina ulibe thanthwe kapena chifunga, koma mafunso ake ndi omwewa: nthawi yofika ndi yoyamba, nyumba iti ndipo polowera ndi pati, akubwera ndani ndi mayina awo, mipando ndi mabuku akubweretsa ndani. Mayi amene waphika tiyi wa anthu 20 n'kubwera asanu ndi mmodzi wataya shuga wake chimodzimodzi ndi wonyamula katundu amene wataya tsiku lake ku Likhubula.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MALIMANA SABATA INO

1. Tengani uthenga womaliza umene mlembi wa gulu lanu anatumiza woitanira anthu ku msonkhano. Kodi munthu amene sanali pa msonkhano wapitawo akanafika pa malo oyenera, nthawi yoyenera, atanyamula zoyenera?

2. Ndani m'gulu lanu alibe WhatsApp kapena sakhala ndi bandulo nthawi zonse, ndipo amamuuza ndani? Lembani dzina la womuuzayo pambali pa dzina lake.

3. Pa msonkhano wanu ukubwerawu, ndi chinthu chiti chimene sichingasunthe, monga mdima, nthawi ya Misa kapena minibasi yomaliza? Werengani nthawi yosonkhana kuchokera pamenepo, kubwerera m'mbuyo.